Malonda akuyenda koma mashelefu akuuma: ndalama za okala zikupita kuti?

Funso: "Ndili ndi okala ku Area 36, yolumikizana ndi nyumba yomwe tikuchita lendi. Ndinayamba ndi mpamba wa K900,000 ndipo pa tsiku ndimagulitsa pafupifupi K60,000. Koma ulendo uliwonse ndikapita kukaoda ku Malangalanga ndimabwerako ndi katundu wochepa kuposa ulendo wapita. Ya ndiwo ndi makala ndimatapa momwemo, ndipo bambo akunyumba amati bizinesi ndi yapabanja. Sukulu sindinapite nayo patali. Ndingalekanitse bwanji ndalama za okala ndi za pakhomo, nanga ndizilemba motani?" Mayi wa ku Area 36, Lilongwe.

Mayi, choyamba tione kuti pa ndalama zomwe mumapeza m'kabokosi madzulo aliwonse, zanu zenizeni ndi zingati. Funso limeneli likayankhidwa bwino, zina zonse zipepuka.

Katundu wa mu okala phindu lake ndi lochepa. Shuga, buledi ndi sopo wochapira mumangopatapo pang'ono, pomwe mafuta oyeza, maswiti, ufa wa m'timapepala ndi mafilizesi zimapatsako bwino. Tiyerekeze kuti mukasakaniza zonsezi, pa K100 iliyonse yomwe mwagulitsa, K15 ndiyo yapamwamba. Nambala yanu yeniyeni mudzaipeza nokha, ndipo ndikuonetsani njira yake, koma pakadali pano tigwire imeneyi. Zikatero, pa K60,000 ya pa tsiku, K51,000 ili ndi mwini wake kale. Ndi ya katundu yemwe wachoka pashelefu, ndipo iyenera kubwerera kumaoda kuti shelefuyo idzazenso. Yotsala ndi K9,000, yomwe pa masiku 30 ikukwana K270,000.

Komatu okala nayo imadya. Gawo lake la lendi tinene K30,000. Maulendo okaoda, minibasi ndi wonyamula katundu, K32,000 pa mwezi. Mayunitsi a magetsi a fuliji K10,000, zokulungira katundu K8,000, ndipo mazira osweka, buledi wogona ndi zina zoonongeka K10,000. Zonse pamodzi ndi K90,000. Phindu lenileni latsala K180,000 pa mwezi, kapena kuti K6,000 pa tsiku. Pa ndalama khumi zilizonse zomwe mwagwira m'manja, yanu ndi imodzi yokha.

Tsopano tione zomwe pakhomo pamatenga. Ndiwo, makala ndi madzi, tinene K5,000 pa tsiku, ndiye kuti K150,000 pa mwezi. Imeneyi mumaidziwa chifukwa mumachita kuitapa ndi dzanja. Yomwe ambiri saiona ndi katundu wochoka pashelefu kupita kukhitchini: buledi wa m'mawa, shuga wa tiyi, kamafuta ka ndiwo, mazira awiri a mwana, sopo, machesi, mabisiketi opita nawo kusukulu. Palibe ndalama yomwe yatuluka m'kabokosi, choncho mtima suwerengera. Koma mukaika pa mtengo womwe munaodera, K3,000 pa tsiku sichedwa kukwana, ndipo pa mwezi ndi K90,000. Onjezanipo zogwa mwadzidzidzi, chipepeso pamaliro a kwa aneba, mankhwala a mwana, mlamu wofuna thiransipoti yobwerera kumudzi, tinene K40,000. Pakhomo patenga K280,000 kuchokera mu okala yomwe yapanga K180,000. K100,000 yotsalayo yachoka mu mpamba. Mwezi ndi mwezi zikamatero, K900,000 siifika chaka, ndipo katundu akamachepa makasitomala amayamba kudutsa kupita pa okala ina, malonda n'kutsikanso. Alimi amadziwa kusiyanitsa chimanga chodya ndi mbewu ngakhale zonse zili m'nyumba imodzi. Mpamba ndiyo mbewu yanu, ndipo pakadali pano ikuphikidwa pang'onopang'ono.

Manambalawa ndi ongoyerekeza. Anu enieni muwapeza pochita zinthu ziwiri: kuwerenga chuma cha okala kamodzi pa mwezi, ndi kulemba mizere ingapo tsiku lililonse. Kuwerenga kwa pa mwezi ndiko kofunika kwambiri, ndipo ndi kumene anthu ambiri amakuthawa.

Sankhani tsiku, makamaka loyamba la mwezi, m'mawa musanatsegule kapena madzulo mutatseka. Khalani awiri, wina aziwerenga, wina azilemba. Yambani shelefu yapamwamba mpaka pansi, osaiwala makatoni a pansi pa bedi ndi zomwe zili mufuliji. Chinthu chilichonse mulembe kuchuluka kwake ndi mtengo womwe munaodera. Musagwiritse ntchito mtengo wogulitsira, chifukwa phindu la katundu amene sanagulidwe silinabadwe. Ngati belo ya shuga ya mapaketi 20 munaoda K56,000, paketi imodzi ndi K2,800, ndipo ngati atsala 12 mulembe K33,600. Mafuta a m'chigubu ndi ufa wa m'thumba mungoyerekeza: theka, kapena gawo limodzi la magawo anayi. Katundu wotha masiku ake, wodyedwa ndi makoswe, kapena yemwe wakhala miyezi osafunsidwa ndi munthu, musamuwerengere mtengo wonse. Kumuwerengera ndi kudzinamiza nokha. Ulendo woyamba ntchitoyi idzakutengerani nthawi, koma mukakhala ndi mndandanda wa katundu, miyezi yotsatira mudzangosintha manambala.

Pa katunduyo muphatikizepo ndalama zomwe zili m'kabokosi, zomwe zili mufoni, ndi ngongole zomwe anthu ali nazo kwa inu. Apa khalani woona mtima. Lembani okhawo amene mukudziwa kuti adzabweza. Mphunzitsi wolipira mwezi ukatha muwerengereni. Munthu yemwe anasamukira ku Chinsapo chaka chatha osatsanzika, dzina lake likhalebe m'buku koma ndalama yake musaiike pa chuma cha okala. Pomaliza chotsani ngongole zomwe okala ili nazo kwa ena, monga ya kubanki mkhonde kapena ya woperekera buledi.

Tiyerekeze kuti pa 1 Malichi mwapeza katundu wa K620,000, m'kabokosi K85,000, mufoni K45,000, ngongole zabwino K70,000. Zonse ndi K820,000. Kubanki mkhonde muli ndi ngongole ya K120,000. Chuma cha okala ndi K700,000. Pa 1 Epulo mwawerenganso: katundu K510,000, m'kabokosi K70,000, mufoni K30,000, ngongole zabwino K80,000, zonse K690,000, ndipo ya kubanki mkhonde yatsika kufika K90,000. Chuma cha okala tsopano ndi K600,000. Chatsika ndi K100,000.

Kutsika kumeneku pakokha sikukuuzani ngati bizinesi ndi yoluza kapena ngati pakhomo ndi pomwe pakudya mopitirira. Chomwe chimasiyanitsa ziwirizi ndi buku. Ngati mwezi wonsewo munalemba chilichonse chomwe pakhomo panatenga, ndipo chakwana K280,000, masamu ake ndi awa: tengani K600,000 ya lero, muphatikize K280,000 yomwe yapita pakhomo, muchotse K700,000 ya mwezi watha. Yankho ndi K180,000, ndipo limeneli ndilo phindu la mwezi wa Malichi. Okala yotere ndi yamoyo, vuto ndi katapidwe kokha. Koma yankho likanakhala K20,000, kapena likanapita pansi pa ziro, tikanati vuto lili mu okala momwemo: mitengo yotsika kwambiri, ngongole zosabwerera, kapena dzanja lina lomwe likutenga osalemba. Ngati mwezi umenewo munathiramo ndalama yochokera kwina, monga ya chipereganyu kapena yomwe bambo anakupatsani, ichotseninso pa yankholo chifukwa si okala yomwe yaipanga.

Tsopano buku la tsiku ndi tsiku. Gulani hadikava imodzi. Kope wamba la ana asukulu limathothoka masamba, ndipo ana omwewo amang'ambamo pepala. Mangani cholembera ndi chingwe pafupi ndi kabokosi. Sindikuuzani kuti muzilemba machesi kapena switi iliyonse yomwe mwagulitsa, ayi. Pa okala ya makasitomala ambiri a K200 ndi K500, munthu woyesa zimenezi amatopa sabata isanathe n'kusiya zonse. Inu muzilemba ndalama zotuluka zokha, nthawi yomweyo pomwe zikutuluka, ndipo malonda a tsikulo mudzawapeza madzulo ndi masamu.

M'mawa lembani deti ndi chenji chomwe mwayamba nacho. Chikhale chofanana masiku onse, tinene K10,000, kuti musamasokonezeke. Tsamba muligawe pawiri ndi mzere. Kumanzere ndi zotuluka za okala, kumanja ndi za pakhomo. Galimoto ya buledi yabwera, mwalipira K16,000, lembani kumanzere. Wakabaza wabweretsa thileyi za mazira, K1,500, kumanzere. Mwatenga K4,000 ya pakhomo, kumanja. Madzulo werengani m'kabokosi, mwapeza K41,500. Mufoni mwalowa K9,000 ya makasitomala. Phatikizani K41,500, K9,000 ndi zotuluka zonse zija zomwe zakwana K21,500. Mwapeza K72,000. Chotsani chenji cha m'mawa, yatsala K62,000. Ngati mwa ndalamazi muli K2,000 yomwe wina wabweza ngongole yakale, ichotseninso, chifukwa si malonda a lero. Malonda a lero ndi K60,000. Lembani nambalayi pansi pa tsamba n'kuizungulira. Foni iliyonse ili ndi poonkhetsera, ndipo ntchito yonseyi siifuna sukulu yapatali, imafuna kuti musadumphe tsiku.

Kumbuyo kwa buku lomwelo kukhale ngongole, munthu aliyense tsamba lake kapena theka la tsamba: deti, zomwe watenga, mtengo, ndi zomwe wabweza. Lembani iye akuona. Ndipo tsamba loyamba la ngongolezo likhale la nyumba yanu.

Apa ndi pomwe pali kulekanitsa kwenikweni. Mwezi woyamba musasinthe kalikonse pa kadyedwe ka pakhomo, mungolemba basi, ndalama ndi katundu yemwe. Ndikudziwa kuti mtima ufuna kuyamba kudzimana lero lomwe, koma mukatero simudzadziwa kuti nyumba yanu imadya zingati. Mwezi ukatha, mukhala ndi manambala awiri oona: phindu la okala ndi zomwe pakhomo pamatenga. Pamenepo mudziikire malipiro, monga mukanamuikira mtsikana wogulitsa mukanamulemba ntchito. Kuyambira tsiku limenelo, ndalama yokhayo yochoka mu okala kupita pakhomo ndi malipirowo. Akhale m'kachikwama kawokawo, kosalowa mu okala. Pakhomo pakafunika shuga, mutenge ndalama m'kachikwamako, mugule pa mtengo wa pashelefu, ndalamayo ilowe m'kabokosi. Mwana akafuna bisiketi, mumupatse ndalama ya m'kachikwama akagule pawindo ngati mwana wa aneba. Masiku oyamba zidzaoneka ngati sewero, mwina adzakusekani, koma ana amazolowera msanga kuposa akuluakulu. Tsiku lomwe kachikwama kauma koma mwatengabe katundu, lembani pa tsamba la nyumba lija, ndipo mudzadule pa malipiro otsatira musanawatenge.

Nanga malipirowo akhale zingati? Musatenge phindu lonse, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa kale kumaoda. Belo ija ya K56,000 mwaigulitsa K3,000 paketi, mwapeza K60,000, buku likuti mwapindula K4,000. Mukufika ku Malangalanga mukupeza belo yomweyo yafika K59,000. Ngati K4,000 ija munaidya yonse, belo simuikwanitsanso. Phindu lomwe mukanadya popanda kuchepetsa katundu linali K1,000 yokha. Amene anali pa bizinesi mu Novembala 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100, akukumbukira momwe mitengo ya kumaoda inkasinthira katundu wakale asanathe pashelefu. Ambiri anagulitsa pa mtengo wakale mokondwa, ndalama zili m'manja, n'kupeza kuti sizikugulanso katundu wofanana. Choncho mukamva kuti kumaoda kwakwera, kwezani mtengo wa katundu amene ali pashelefu pomwepo, musadikire kuti athe. Komanso pambali pa kuwerenga makwacha, muziwerenga mpamba wanu ndi maso: mwezi watha ndinali ndi mabelo angati a shuga, makatoni angati a sopo, zigubu zingati za mafuta? Chuma cha okala chikhoza kukhala K700,000 miyezi isanu ndi umodzi osatsika, koma mabelo akuchepa.

Pa phindu la K180,000, ine ndingakulangizeni kutenga K120,000, yomwe ndi K4,000 pa tsiku kapena K28,000 pa sabata. Kutenga pa sabata, tinene Loweruka lililonse madzulo, ndi kwabwino kuposa pa mwezi, chifukwa ndalama ya mwezi wonse ikakhala m'nyumba imatha pofika pa 15, kenako dzanja limabwerera m'kabokosi. K30,000 itsale mu okala kuti izithamangitsana ndi mitengo. K30,000 inayo muziisunga padera pa zinthu za okala zomwe sizibwera mwezi uliwonse koma zikabwera zimafuna ndalama yambiri nthawi imodzi: chiphaso cha bizinesi cha kukhonsolo ya mzinda, kukonzetsa fuliji, loko watsopano, denga lodontha nthawi ya dzinja.

Ndikudziwa chomwe mukuganiza powerenga izi. Nyumba imadya K280,000, ine ndikuti mutenge K120,000, nanga K160,000 yotsalayo ichokera kuti? Sindikubisirani, buku silibala ndalama. Lingokuonetsani kuti okala ya msinkhu uwu singathe kunyamula nyumba yonse yokha, ndipo ikakakamizidwa idzanyamula kwa miyezi yowerengeka kenako nonse mudzakhala opanda kanthu. Nkhaniyi ndi yofunika kukambirana ndi bambo akunyumba, ndipo mawu awo aja sakulakwa. Phindu ndi la banja ndithu. Koma musapite kwa iwo ndi mawu okhaokha, chifukwa adzamva ngati mukuwakaniza kapena mukuwatenga ngati akuba. Apempheni kuti akuthandizeni kuwerenga katundu pa tsiku loyamba lija, iwo ndiwo agwire cholembera. Mwezi wotsatira awerengenso okha. Munthu amene walemba K700,000 ndi dzanja lake, kenako n'kulemba K600,000, safunikanso kumulalikira. Pamenepo mugawane: okala itenge ndiwo, makala ndi sopo, iwo atenge ufa, lendi ya nyumba ndi fizi, kapena momwe mungagwirizanire malinga ndi zomwe amapeza. Naonso akafuna ndalama ya mu okala alembedwe pa tsamba la nyumba, chimodzimodzi inuyo. Lamulo likayamba kukugwirani inu eni ake, ena savutika kulitsata.

Popeza okala yalumikizana ndi nyumba, pali ndalama zina zosakanikirana zomwe muyenera kuzidula pakati. Lendi mumalipira pamodzi, mita ya magetsi ndi imodzi. Gwirizanani kamodzi kuti gawo la okala ndi lingati, monga K30,000 ya lendi ndi K10,000 ya mayunitsi zija, ndipo muzilemba kumanzere mwezi uliwonse. Mukapanda kutero, phindu lidzaoneka lalikulu kuposa momwe lilili, kapena okala idzapezeka ikulipira lendi ya nyumba yonse mosadziwika.

Foni nayo ndi kabokosi kachiwiri, ndipo ndi komwe ndalama zimasakanikirana kwambiri masiku ano. Kasitomala watumiza K9,000 pa Airtel Money, pa nambala yomweyo mchemwali wanu watumiza ya mayi kumudzi, madzulo mwagulapo mayunitsi ndi bandulo, pofika mawa simudziwanso kuti ya okala ndi iti. Khalani ndi nambala ya okala yokha, ilembedwe pawindo, ndipo ya pakhomo ikhale ina, kaya ya Mpamba kaya ya Airtel yomweyo. Ndalama yomwe amakudulani potapa kwa ejenti ilembeni kumanzere, ndi yotuluka ya okala. Ndipo musapereke katundu chifukwa choti kasitomala wakuonetsani uthenga pa foni yake, dikirani uthenga ufike pa yanu, mukakayika muone balansi.

Za maliro, matenda ndi achibale sindikuuzani kuti muumitse mtima. Pamalo pathu munthu wa okala ndi amene amagogodedwa koyamba, ndipo pali tsiku lomwe mwana watentha thupi usiku, kachikwama kalibe kanthu. Tengani m'kabokosi, mwana apite kuchipatala. Koma m'mawa mulembe pa tsamba la nyumba kuti nyumba yakongola K25,000, ndipo muzibweza K5,000 Loweruka lililonse mpaka ithe. Wachibale wopempha mumuthandize kuchokera m'malipiro anu, zomwe mungathe. Kuyankha kuti "za mu okalamu ndi za maoda, koma ine ndili ndi kangachepe aka" n'kosavuta mukakhala kuti kachikwama kalipodi.

Chenjezo lalikulu ndi la ngongole ya kubanki mkhonde. Ndaona amayi ambiri akutenga ngongole m'dzina la bizinesi, theka n'kupita ku fizi ya Januwale, koma kubweza konse kukuchokera m'kabokosi. Ngati gulu lanu limaika chiwongoladzanja cha 20 pa 100 pa mwezi, K100,000 imafuna K20,000 yapamwamba mwezi uliwonse. Ikalowa yonse mu katundu woyenda msanga, wotembenuka kawiri kapena katatu pa mwezi, ikhoza kudzilipira yokha. Ikapita ku fizi, palibe chomwe yabala, ndipo okala ikulipira ngongole ya nyumba. Choncho ngongole iliyonse ilembedwe malinga ndi komwe ndalamayo yapita: gawo lomwe lagula katundu ndi la okala, gawo la fizi libwezedwe kuchokera m'malipiro. Masheya omwe mumaponya kugulu sabata ndi sabata nawonso achoke m'malipiro, pokhapokha mutatsimikiza kuti pogawana ndalamayo idzabwerera mu okala. Za katapila ndiye musayandikire n'komwe, phindu la K15 pa K100 silingathamange naye.

Mukayamba kulemba, pali zizindikiro zomwe zidzakuuzeni msanga kuti china chake chalakwika, mwezi usanathe. Choyamba, phatikizani malonda a sabata ndi maoda a sabata. Ngati mwagulitsa K420,000, maoda ayenera kukhala pafupi ndi K357,000. Sabata imodzi akhoza kutsika chifukwa munaoda zambiri sabata yapitayo, koma mukaona masabata atatu otsatizana maoda ali K300,000 kapena kutsikirapo, dziwani kuti shelefu ikudyeka. Chachiwiri, yang'anani tsamba la ngongole. Ngati zonse pamodzi zikukula mwezi ndi mwezi, mpamba wanu ukusamukira m'nyumba za anthu. Dziikireni malire, monga kuti ngongole zonse zisapitirire malonda a tsiku limodzi ndi theka, ndipo amene sanamalize yakale asatsegule yatsopano.

Nthawi zina buku limaoneka loyera, malipiro mukutsata, koma powerenga pa mwezi chuma chatsikabe. Musathamangire kuloza munthu chala. Sankhani katundu woyenda kwambiri wa mitundu isanu, monga shuga, buledi, mazira, sopo ndi zakumwa, ndipo kwa sabata imodzi muzimuwerenga m'mawa ndi madzulo, uku mukudula kamzere papepala paliponse pomwe mwagulitsa chimodzi. Ngati m'mawa munali mapaketi 14 a shuga, timizere ndi 5, madzulo muyenera kupeza 9. Mukapeza 8, onani kuti ndani anatsala pawindo pomwe inu munapita kukaphika. Kawirikawiri sikukhala kuba, kumakhala kuti wina wapereka pangongole osalemba, kapena wabweza chenji cholakwika. Yang'ananinso zoyeza. Chigubu cha mafuta cha malita 20, lembani pambali ndalama zonse zomwe chatulutsa kufikira chitatha, muyerekeze ndi zomwe munaodera. Dzanja lopatsa, lomwe limaonjezera kadontho kwa kasitomala aliyense, likhoza kumaliza phindu la chigubu chonse inu osadziwa. Njira yomweyi ndi imene idzakuuzeni katundu amene akukudyetsani ndi amene akungodzaza malo.

Malipiro omwe mudziikire mwezi woyamba asakhale achikhalire, chifukwa mwezi umodzi suonetsa chaka chonse. Muno mu Lilongwe, Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yowawa: anthu alipira fizi, agula feteleza, chimanga chakwera, ndipo opempha ngongole amachuluka. Kuyambira Epulo, anthu akamakolola ndipo msika wa fodya wa ku Kanengo ukatsegulidwa, ndalama zimayamba kuyenda, ndipo Disembala amakhala ndi malonda akeake. Mukaika malipiro potengera mwezi wabwino, mudzadya mpamba m'miyezi yoipa. Werengani miyezi itatu yotsatizana, phatikizani phindu lake, gawani patatu, ndipo mutenge magawo awiri mwa atatu a yankholo ngati malipiro. Phindu likakhala K180,000, K150,000 ndi K210,000, pakati pake ndi K180,000 ndipo K120,000 ija ikhalebe. Mudzakweze pokhapokha miyezi itatu yotsatira itaonetsa kuti chuma cha okala chakwera, ndipo mabelo ndi makatoni nawo achuluka pashelefu.